Msonkho wa pamwamba ndi msonkho wa avareji, kusiyana kwake

Anthu ambiri amaopa kukwezedwa malipiro, ati msonkho udya zonse. Ayi ndithu. Tiyeni titenge manambala ongopeka kuti masamu asavute: K100,000 yoyamba salipira msonkho, kuchokera pamenepo mpaka K400,000 ndi 25 peresenti, yopitirira apo 30 peresenti.

Ndiye munthu akulandira K500,000 pamwezi. Gawo lachiwiri lija ndi K300,000, msonkho wake K75,000. K100,000 yotsalayo imadulidwa K30,000. Zonse pamodzi K105,000.

Reti ya pamwamba, ija pa Chingerezi amati marginal rate, ndi 30 peresenti, koma imangokhudza ndalama yomwe yadutsa K400,000 basi, osati salale yonse. Reti ya avareji ndiye mumatenga K105,000 kugawa ndi K500,000, imabwera 21 peresenti, ndipo iyi ndi imene ikukuuzani zoona kuti boma latenga zingati pa thumba lanu lonse.

Nanga abwana akawonjezera K50,000? Apa yang'anani ya pamwamba ija, mudulidwa K15,000, K35,000 ndi yanu, avareji ingosuntha pang'ono kufika pafupifupi 21.8. Ovataimu ndi chimodzimodzi. Koma pokonza bajeti ya pakhomo ine ndimayang'ana ya avareji, chifukwa ndi imene ikugwirizana ndi zomwe zalowa ku akaunti, tisanachotse penshoni ndi ngongole.