Vawucha ya Spotify yogula pa Airtel Money kapena Mpamba: funsani kaye dziko lake

Kwa munthu wa kuno ku Mzuzu amene alibe khadi la kubanki, vawucha ndi njira yabwino yolipirira Spotify Premium, koma ndiyipatsa nyenyezi zitatu pa zisanu. Vuto lagona pa kagulidwe kake.

Ogulitsa ambiri amapezeka pa WhatsApp. Mumawatumizira ndalama pa *211# ngati muli pa Airtel Money, kapena *444# pa Mpamba, iwo n'kukutumizirani kodi. Musanaike PIN onani kuti nambala ndi yomwe mwagwirizana, ndipo SMS yotsimikizira musaifufute. Kodiyo saiika mu apu. Mumatsegula spotify.com/redeem pa intaneti, kulowa mu akaunti yanu, n'kuilemba pamenepo. Ikalowa zimasangalatsa: palibe chodulidwa mwezi ndi mwezi, ndipo nthawi ikatha mumangobwerera pa Free, mndandanda wa nyimbo zanu uli chikhalire.

Pamene ambiri amatayira ndalama ndi pa dziko. Vawucha imagwira ntchito pa akaunti ya dziko limene inagulidwako basi. Tinene wophunzira wa ku Mzuni anatsegulira akaunti yake ku Luwinga, ndiye pa dziko panalembedwa Malawi. Wogulitsa wamupatsa kodi ya marandi yogulidwa ku Joni. Kodiyo ndi yeniyeni, sinagwiritsidwepo ntchito, koma ikanidwa. Apa wogulitsa amati, "Achimwene, tumizani pasiwedi ndikusinthireni dziko." Musalole. Akauntiyo yakhala m'manja mwa wina, komanso kunama za dziko n'kuphwanya malamulo a Spotify. Choncho yambani mwaona dziko la akaunti yanu pa spotify.com/account, kenako funsani wogulitsa kuti kodi ndi ya kuti. Zikasiyana, ndalama zikhale m'thumba.

Dziwaninso kuti vawucha imalipira Premium Individual yokha. Ya Student, Duo ndi Family siilola. Nanga aja otsitsa mtengo oti akulowetsani mu Family yawo? Family ndi ya anthu osapitirira asanu ndi mmodzi okhala nyumba imodzi, ndipo adiresi ikalephera kutsimikizika amakuchotsani, ndalama zanu osabwerera.

Ngati akaunti ndi ya Malawi, ine ndimaona kuti khadi la Mastercard lolumikizidwa ku ndalama za m'foni, monga Khadi Mbambande la Mpamba, ndilo loyenera kuyamba kuyesa. Ikanimo zopitirirako pang'ono pa mtengo, chifukwa kwacha ikagwa malipiro amakwera, ndipo zikapereweramo ngakhale pang'ono salola.

Bandulo ndi nkhani ina, vawucha siigula. Mukasankha kamvekedwe ka Normal, ola limodzi la nyimbo limadya pafupifupi 43 MB, pa Very High pafupifupi 144 MB. Tsitsiranitu nyimbo pamene mwapeza WiFi, koma foni izilowa pa intaneti kamodzi pa masiku 30 alionse, apo ayi zomwe munatsitsazo zimachoka.