Pampu ya sola ndi yabwino, koma chitsime anandikumbira pa nthawi yolakwika

Ndikupereka nyenyezi zitatu pa zisanu. Ndikanalemba mu Okutobala ndikanapereka imodzi, nayonso monyinyirika.

Ndinagula phukusi lija amalengeza pa wailesi, la pampu ya sola, mapanelo awiri, mapaipi ndi kukukumbira chitsime cha maling'i a simenti. Mtengo mukuudziwa, ine mpaka ndinagulitsa mbuzi ndi njinga yamoto. Zipangizo zinafika bwino, anyamata omanga anali aulemu, mapanelo mpaka lero sanandivutitsepo. Nkhani yanga ili pa bambo wa pa kauntala uja, amene anandigwira dzanja mu Epulo 2024 nkunena kuti, "Madala, kuyambira lero chilala kwa inu chatha." Munthu wogulitsa zipangizo za mthirira sayenera kulankhula choncho, chifukwa pa tsiku limenelo chilala chinali chisanamalize ulendo wake. Chinali chitadutsa kumwamba, chitadutsa m'munda, chikutsikira pansi pomwe iye amafuna kundikumbira.

Amene muli kuno ku Zomba mukukumbukira mmene chaka chija chinayendera. Azanyengo anachenjeza za El Nino tisanabzale nkomwe. Mvula inayamba mwa apo ndi apo, kenako mu Febuluwale kumwamba kunangoti mbee kwa masabata. Chimenecho ndiye chilala choyamba, cha mvula. Amachiyeza ndi kachitini koyezera mvula, nkuyerekeza ndi mvula imene dera lomwelo limalandira zaka zambiri. Sichifunsa kuti m'munda muli chiyani kapena mtsinje uli bwanji, chimangoti mwezi uno yagwa yochepa kuposa ya masiku onse.

Masiku oyamba a ng'amba ija chimanga changa chinali chobiriwira ngati palibe chachitika, chifukwa chimamwa chinyezi chimene dothi linasunga. Koma dothi silisunga zambiri. Lathu la mchenga wosakanikira likakhuta limasunga madzi okwana pafupifupi mamilimita 100 mu mita imodzi ya pamwamba momwe muli mizu, ndipo chimanga chimayamwa mosavutika theka lokha la madziwo. Chikamamasula ngaiyaye dzuwa likuswa mtengo chimafuna mamilimita 5 kapena 6 pa tsiku. Werengerani nokha, masiku khumi osagwa mvula ndiye kuti chayamba kuvutika. Poyamba masamba amapotana masana nkutambasuka madzulo. Mukawapeza opotana m'mamawa dzuwa lisanatuluke, dziwani kuti zinthu zaipa. Ichi ndiye chilala chachiwiri, cha m'munda, ndipo chimadalira dothi, mbewu ndi msinkhu wa mbewuyo. Mnzanga wa kumunsi, wa dothi lamakande, anakololako pang'ono pamene ine ndinatuluka ndi mapesi, mvula ili yomweyo. Chinangwa cha mlamu wanga sichinasamale nkomwe. Ndipo mvula itabwerera mu Malichi sinapulumutse kanthu, popeza ngaiyaye zinauma ndevu zisanatuluke bwino, zisononkho zinangokhala ndi maso owerengeka. Pa 23 Malichi 2024 Pulezidenti Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi.

Ndiye ndinathamangira ku shopu kuja kuti ndibwezere ndi dimba. Okumba anabwera mu Epulo momwemo. Atafika mamita 4 madzi anatuluka, anapitiriza mpaka mamita 7 nkuleka, akuti madzi achuluka sangakumbenso. Ndinaona ndi maso anga madzi akuya mamita atatu m'chitsime. Wa pa kauntala anandiimbira nkumaseka, amvekere, "Mwaona madala? Chilala chake chiti?" Ndinabzala chimanga chachiwisi ndi tomato pa kota ya ekala, ndipo miyezi yozizira yonse pampu imatunga bwinobwino.

Kumapeto kwa Seputembala inayamba kuzima yokha. Imayamba m'mawa, kutunga kanthawi, kenako zii, kagetsi kofiira kakuphethira pa bokosi. Pakapita nthawi imadzukanso, kutunga pang'ono, nkuzimanso. Chimanga chachiwiri chinali chitangomasula. Ndinaimba foni mobwerezabwereza, mkulu uja amangoti ali pa msonkhano. Nditapita komweko anandiuza pamaso pa makasitomala ena kuti mwina ndimalola ana kuseweretsa bokosi, ndipo chitsimikizo chawo sichikhudza zinthu zoonongedwa ndi ana. Ine mwana wanga womaliza ali ku koleji. Ndinatuluka mawu amene sindingawalembe pano, mpaka mlonda anabwera kudzaima pafupi.

Amene anandibweza mtima ndi mtsikana amene anamutumiza pambuyo pake, mwina pofuna kungondichotsa pakhomo. Anafika pa kabaza, ovololo yake yothimbirira, ndipo pampu sanaikhudze nkomwe. Anatulutsa chingwe chokhala ndi mfundo pa theka lililonse la mita, kunsonga atamangirira kabotolo, nkuchitsitsa m'chitsime mpaka tinamva kuti phava. Madzi anali pa mamita 6 ndi theka. Pa mamita atatu aja panatsala theka la mita basi.

Anati, "Bambo, pampu yanu ilibe vuto. Ikuzima dala kuti isapse. Ili ndi kachipangizo komva madzi, akatsika kufika pakamwa pake imadziimitsa. Chimene chadwala ndi chitsime."

Kenako anayatsa pampu nkuyang'ana wotchi. Chitsime changa ndi chotambalala mita imodzi mkati, ndiye mita iliyonse ya madzi ndi malita pafupifupi 785, theka la mita ndi malita osakwana 400. Pampu imakoka malita ngati 1,000 pa ola dzuwa likakhala bwino, choncho theka la ola lisanakwane inali itazima. Tinakhala pansi pa mango kudikira ola lathunthu, natsitsanso chingwe. Madzi anali atabwerera kota ya mita, kutanthauza kuti nthaka imapereka malita ngati 200 pa ola. Anawerengera pa dothi ndi kamtengo. Maola asanu ndi atatu a dzuwa kuchulukitsa ndi 200, kuphatikiza 400 ogonera usiku, ndi malita pafupifupi 2,000 pa tsiku. Usiku chitsime sichingasunge oposa pamenepo, chifukwa madzi akafika pa msinkhu wa madzi a m'nthaka amaima. Tsono kota ya ekala ndi masikweya mita pafupifupi 1,000, ndipo milimita imodzi pa sikweya mita ndi lita imodzi. Mbewu yofuna mamilimita 6 pa tsiku pa malo amenewo imafuna malita 6,000. Ndinali ndi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Apa ndi pomwe anandifotokozera chilala chachitatu, cha madzi a m'zitsime, m'mitsinje ndi m'nyanja, ndipo ndi chimene wa pa kauntala uja amayenera kundiuza ndisanatulutse ndalama. Mvula ikagwa, loyamba kumwa ndi dothi la pamwamba pamodzi ndi mizu. Madzi amatsikira pansi penipeni pokhapokha dothilo litakhuta nkutsala ena. Chaka cha mvula yodukizaduka dothi silikhuta nthawi yaitali, mvula iliyonse imangothera kubweza chinyezi chimene dzuwa linatenga, pansi sipafika kanthu. Koma zimenezi sizioneka msanga, chifukwa madzi a pansi amayenda pang'onopang'ono. Amene tinawapeza mu Epulo aja ambiri anali otsala a zaka za m'mbuyo, makamaka chimvula cha namondwe Freddy wa mu Malichi 2023. Zili ngati nkhokwe ya chaka chatha, umadya bwinobwino osadziwa kuti chaka chino simunalowe kanthu, mpaka tsiku lomwe dengu ligunda pansi. Chaka chilichonse madzi a m'nthaka amakhala pamwamba cha mu Malichi ndi Epulo, nkumatsika mpaka Okutobala kapena Novembala. Chaka chotsatira ng'amba amayambira potsika kale, ndiye amatsikiratu.

Ndiye taonani, anandikumbira chitsime mwezi umene madzi amakhala pamwamba kwambiri, m'chaka chimene aliyense wodziwa ntchito amayembekezera kuti atsika koposa. Okumba zitsime akumudzi amadziwa kuti chitsime chimakumbidwa kapena kuzamitsidwa m'chilimwe chenicheni. Kampani yokhala ndi galimoto zolembedwa dzina ingalephere bwanji kudziwa? Ine ndikuti amadziwa, koma Epulo ndi mwezi umene alimi opsa mtima ndi ng'amba amakhala ndi changu chogula.

Ndinamufunsa mtsikanayo kuti nanga bwanji chaka chomwecho Nyanja ya Malawi inasefukira mpaka kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi. Anati chilala chachitatuchi chimatsata komwe madziwo amachokera, osati komwe waima. Nyanja imadyetsedwa kwambiri ndi mitsinje ya kumpoto ndi ya ku Tanzania, komwe mvula inagwa yambiri, pamene chitsime changa chimadalira mvula ya m'dera lathu lomweli. Anatchulanso Zambia, komwe chimanga chinapsa mu Febuluwale ngati kwathu, koma kuzima kwa magetsi kunafika poipitsitsa miyezi ingapo pambuyo pake, madzi atatsika ku damu la Kariba.

Malangizo ake ndinawatsata. Ndinasiya magawo awiri a dimba kuti afe, chinthu chowawa kuchiona, nkuika madzi onse pa gawo limodzi, nditaphimbira ndi mapesi ndi udzu. Pamenepo ndinapezako tomato ndi chimanga chootcha. Anandiuzanso kuti ndizitsitsa chingwe kamodzi pa sabata, m'mawa pampu isanayambe, nkulemba m'kope, kuti ndizidziwiratu kukula kwa dimba lomwe chitsime chingakwanitse. Mu Novembala tinazamitsa ndi mamita ena atatu. Kampani inapereka maling'i ulere mtsikana uja atawalembera lipoti, koma okumba ndinalipira ndekha, ndipo mpaka lero ndimaona kuti ndalama imeneyo anayenera kutulutsa ndi iwo.

Chinanso chimene mtsikana uja ananena chinachitikadi. Mvula itayamba, udzu unaphuka sabata yomweyo, m'munda chinyezi chinabwerera, anthu nkumati chilala chapita. Chingwe changa chimanena zina. Madzi m'chitsime sanasunthe mpaka mvula itakhazikika kwa masabata ambiri, ndipo anayamba kukwera bwino cha mu Febuluwale. Zilala zitatuzi zimachoka mu ndondomeko yomwe zinabwerera, cha m'zitsime chimatsalira, nthawi zina kupitirira chaka.

Pampuyo ndingaigulenso mawa, kudzizimitsa kuja ndi kumene kunaipulumutsa. Koma mukapita kumeneko musalole kuti akukumbireni mvula itangotha, ndipo ngati mwafulumira, alembe pa pepala kuti adzabweranso kudzazamitsa mu Okutobala pa mtengo womwewo. Afunseni kuti chitsime chidzapereka malita angati pa ola m'chilimwe, osati kuti pampu imakoka angati. Mukampeza bambo wa pa kauntala uja, pemphani kuti akuitanireni mtsikana wa chingwe. Bamboyo sanandipepesebe.