Nsinjiro: kuwaza youma kapena kuyamba mwaisungunula?

Potendera nkhwani pali njira ziwiri, ndipo zimasiyana kwambiri pa moto.

Kuwaza nsinjiro youma ndi njira ya amayi athu. Masamba akawira mphindi 5 ndi tomato, madzi atatsala pang'ono, mumawaza kapu imodzi ya nsinjiro pamwamba, n'kuvundikira osatakasa. Phulani makala ena pambaula kuti mphika uziwira monyang'ama. Nthunzi ndiyo imaphika nsinjiroyo. Pakatha mphindi 5 takasani ndi mthiko, kenako zipse mphindi 10 zina. Mukafulumira kutakasa, nsinjiro imamira n'kupserera pansi, ndiwo zonse n'kumveka utsi.

Kusungunula sikuvuta kwenikweni. Sakanizani nsinjiro ndi madzi ozizira ikhale ngati phala lamadzimadzi, thirani pang'onopang'ono, ndipo zibuluma sizioneka. Koma mthiko usachoke m'manja kwa mphindi 15, moto uli wochepa. Mukaona timafuta tikuyandama, madzi ali pawokha nsinjiro pawokha, moto wachuluka.

Ine pa nkhwani ndimawaza, chifukwa msuzi wake umagwira bwino pambamu ya nsima. Pa chitofu chamagetsi, chomwe mbale yake imachedwa kuzizira mukachepetsa, ndimasungunula.