Madisiki 6 a 4 TB: tisankhe RAID 5, RAID 6 kapena RAID 10?

Tiyerekeze kuti muli ndi madisiki 6 ozungulira, a 4 TB iliyonse, ndipo mukufuna kuwamanga kuti kompyuta iwaone ngati disiki imodzi, njira yomwe imatchedwa RAID. Onse pamodzi ndi 24 TB, koma malo omwe mungasungemo zinthu atengera mtundu wa RAID womwe mwasankha. Anthu ambiri amawerengera malo okhawo. Ine ndimayamba ndafunsa kaye kuti makinawo azilemba motani, chifukwa apo mpamene mitunduyi imasiyana kwambiri.

RAID 0 tisataye nayo nthawi. Imadula deta m'zidutswa n'kuzimwaza pa madisiki onse, ndipo imakupatsani 24 TB yonse, koma disiki imodzi ikafa zonse zapita. RAID 1 imalemba chinthu chimodzimodzi pa madisiki awiri, ndiye mumatsala ndi theka la malo. Mpikisano weniweni uli pakati pa mitundu itatu yotsalayo.

RAID 5 imapatula malo okwana disiki imodzi kuti asunge pariti, yomwe ndi deta yowerengedwa kuchokera ku deta yanu kuti ithandize kubweza zotayika disiki ikafa, ngakhale paritiyo imamwazika pa madisiki onse. Zotsala ndi madisiki 5, kutanthauza 20 TB, ndipo imapirira imfa ya disiki imodzi basi. RAID 6 imasunga mapariti awiri owerengedwa mosiyana, choncho imakusiyirani 16 TB koma imapirira madisiki awiri alionse atafa. RAID 10 imaika madisiki awiriawiri ofanana ndendende, kenako n'kumwaza deta pa magulu atatuwo. Apa mumapeza 12 TB yokha.

Kupirira kwa RAID 10 ndi kumene anthu amakukokomeza. N'zoona kuti ikhoza kutaya madisiki atatu n'kukhalabe moyo, koma pokhapokha ngati aliyense wachokera m'gulu lake. Chotsimikizika ndi disiki imodzi yokha. Yoyamba ikafa pamatsala 5, ndipo imodzi mwa isanuyo ndi mnzake wa yakufayo. Ngati yachiwiri kufa ikhala imeneyo, deta yonse yatayika. Tsokali limagwa kamodzi pa kasanu, pomwe pa RAID 5 imfa yachiwiri iliyonse imapha zonse, ndipo pa RAID 6 palibe imfa yachiwiri yomwe ingaphe.

Tsopano mtengo wa kulemba. Pariti ya RAID 5 imawerengedwa ndi XOR, yomwe imapereka 1 pamene mabiti awiri asiyana ndi 0 pamene afanana. Mukasintha kachidutswa kamodzi kakang'ono, paritiyo nayo iyenera kusintha. Makina amawerenga deta yakale, amawerenga pariti yakale, amapeza pariti yatsopano, kenako amalemba deta yatsopano ndi pariti yatsopanoyo.

```
P_yatsopano = P_yakale XOR D_yakale XOR D_yatsopano
```

Inu mwapempha kulemba kamodzi, koma madisiki agwira ntchito kanayi. Pa RAID 6 mapariti ndi awiri, ndiye kuwerenga n'katatu, kulemba n'katatu, pamodzi ka 6. Pa RAID 10 palibe chowerenga kaye. Kachidutswako kamangolembedwa pa madisiki awiri, ntchito ziwiri basi.

Tinene kuti disiki iliyonse imakwanitsa ntchito 100 pa sekondi, nambala yomwe ndaisankha kuti masamu aphweke, ngakhale siili kutali ndi zomwe madisiki ozungulira amachita akamadumphadumpha. Onse 6 apereka 600. Ngati ntchito yonse ndi yolemba tizidutswa ting'onoting'ono apa ndi apo, RAID 10 ipereka 300 pa sekondi, RAID 5 ipereka 150, RAID 6 ipereka 100. Taonani nambala yomalizayo: madisiki 6 akulemba pa liwiro la disiki imodzi.

Makina ambiri amasakaniza kuwerenga ndi kulemba. Ngati pa ntchito 100 zilizonse 70 ndi zowerenga ndipo 30 ndi zolemba, masamu ake ndi awa:

```
RAID 10: 600 / (0.7 + 0.3 x 2) = 461
RAID 5:  600 / (0.7 + 0.3 x 4) = 315
RAID 6:  600 / (0.7 + 0.3 x 6) = 240
```

Koma chilangochi sichigwera aliyense. Mukamalemba fayilo yaikulu motsatizana, monga kanema, mzere wonse wa zidutswa umadzaza kamodzi, pariti imawerengedwa kuchokera ku deta yatsopanoyo, ndipo palibe chifukwa chowerengera zakale. Pamenepo RAID 5 ndi RAID 6 zimathamanga bwino ndithu. Zimavutika ndi ntchito za detabesi ndi zina zosintha tizinthu ting'onoting'ono tsiku lonse.

Nthawi yoopsa ndi yomanganso disiki ikafa. Pa Linux, lamulo la `cat /proc/mdstat` lidzakuonetsani `[UUUUU_]`, ndipo kamzere kapansiko ndi disiki yosowayo. Kudzaza disiki yatsopano ya 4 TB pa 150 MB pa sekondi kumatenga maola opitirira 7, makina akakhala kuti sakugwira ntchito ina. RAID 10 imangokopera 4 TB kuchokera kwa mnzake wa yakufayo. RAID 5 iyenera kuwerenga madisiki 5 onse kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto, 20 TB yathunthu, popanda chitetezo china chilichonse. Opanga madisiki wamba ambiri amalemba kuti kulephera kuwerenga kukhoza kuchitika mpaka kamodzi pa mabiti 10^14, omwe ndi pafupifupi 12.5 TB. Nambalayi ndi malire oipitsitsa, ndipo madisiki ambiri amachita bwino kuposa pamenepo, komabe 20 TB yaidutsa. RAID 6 ikakumana ndi malo osawerengeka pomanganso, imawapeza kudzera m'pariti yachiwiri n'kupitiriza. N'chifukwa chake, pa madisiki akuluakulu chonchi, ine ndimaika RAID 6 posungira mafayilo ndi RAID 10 pansi pa detabesi, ndipo RAID 5 ndimaisiyira madisiki ochepa ndi aang'ono. Dziwaninso kuti fayilo mukaifufuta molakwitsa imafufutika pa madisiki onse nthawi yomweyo, choncho kope yosungidwa kwina imafunikabe.

Yesani mafunso awa musanaone mayankho.

1. Madisiki 8 a 2 TB apereka malo angati pa RAID 5, RAID 6 ndi RAID 10?
2. Pa madisiki 6 aja, imodzi yasinthidwa ndi ya 2 TB pomanga RAID 5. Malo atsala angati?
3. Mzere wa RAID 5 wa madisiki atatu uli ndi kachidutswa `1011`, pariti `1101`, ndipo kachidutswa kena kapita ndi disiki yakufa. Kanali chiyani?
4. Mukufuna kulemba tizidutswa 200 pa sekondi ndi madisiki a ntchito 100 pa sekondi. Mugula angati pa mtundu uliwonse?

Funso loyamba yankho lake ndi 14 TB, 12 TB ndi 8 TB. Onani kuti madisiki akamachuluka, pariti imadya gawo laling'ono, koma RAID 10 imangodyabe theka. Lachiwiri ndi msampha: disiki iliyonse imawerengedwa ngati yaing'ono kwambiri pagulupo, ndiye ndi 5 kuchulukitsa ndi 2, zomwe ndi 10 TB. Disiki imodzi yaing'ono yakudyerani theka la 20 TB ija. Lachitatu, chitani XOR pa zotsalazo, `1011` ndi `1101`, mupeza `0110`. Lachinayi, chulukitsani 200 ndi mtengo wa kulemba, kenako gawani ndi 100: RAID 10 ifuna madisiki 4, RAID 5 ifuna 8, RAID 6 ifuna 12.