Google Photos, iCloud kapena OneDrive: iti imalola kufufuta zithunzi mufoni popanda kuzitaya?

Abale ambiri a ku Mbare ndi ku Highfield kuno ku Harare amene timakumana nawo kutchalitchi akhala akundifunsa funso limodzimodzi, lakuti foni ikadzaza mpaka kukana kujambula, angachotse bwanji zithunzi popanda kuzitaya. Ambiri amayamba ndi kufunsa kuti ndi kampani iti imene imapereka malo ambiri aulere, ndipo yankho lake ndi lalifupi: Google imapereka 15 GB, pamene iCloud ndi OneDrive zimapereka 5 GB iliyonse. Koma chimene chimasiyanitsa kwambiri njira zimenezi ndi zomwe zimachitika pa intaneti inu mukafufuta chithunzi mufoni, ndipo mpamene anthu ambiri amatayira zithunzi zawo.

Ndiyambe ndi iCloud, chifukwa ya iPhone ndiyo imasokoneza anthu kwambiri. Ntchito ya iCloud Photos ndi kuonetsetsa kuti zimene zili mufoni zikufanana ndi zimene zili pa intaneti, choncho mukafufuta chithunzi mufoni chimafufutikanso kumeneko, ndipo chimangokhala masiku 30 mu Recently Deleted chisanapite kotheratu. Njira yopezera malo pa iPhone si kufufuta ayi, koma kuyatsa Optimise iPhone Storage, kuti foniyo izisunga tizithunzi topepuka pamene zenizenizo zili pa intaneti. Ndi njira yabwino kwa amene amalipira malo owonjezera, koma pa 5 GB yaulere siithandiza kwenikweni, pakuti malowo amatha msanga ndipo zithunzi zatsopano zimasiya kukwera. Komanso tsiku limene mulibe deta, chithunzi chakale chimaoneka chosawala bwino ndipo vidiyo siitseguka. Za OneDrive sindinena zambiri: imakweza zithunzi za kamera bwinobwino, ndipo imayenera munthu amene amalipira kale Microsoft 365 yomwe imabwera ndi 1 TB, koma kwa ena tonse 5 GB ndi yochepa.

Google Photos ndiyo ndimaikhulupirira, makamaka kwa ife a mafoni a Android, chifukwa ili ndi batani la Free up space limene limachotsa mufoni zithunzi zokhazo zomwe zakwera kale, n'kusiya za pa intaneti zili bwino. Koma musamale, chifukwa mu pulogalamu yomweyo muli chizindikiro cha bini, ndipo mukafufuta chithunzi kudzera pamenepo chimachoka mufoni ndi pa intaneti pomwe. Mabatani awiriwa amaoneka ngati a ntchito imodzi, koma limodzi limasamutsa pamene linalo limataya. Ndipo ngati muli pa iPhone, mwaika Google Photos koma iCloud Photos ikadali yoyaka, zimene Free up space yachotsa mufoni zimachokanso ku iCloud.

Chimene chimandipweteka mtima ndi nkhani ya zithunzi za pa WhatsApp. Azakhali anga a ku Mufakose anapita ndi foni yawo kwa mnyamata wina wokonza mafoni m'tauni, ndipo iye ataona mawu akuti Backup complete anawauza kuti, “Amayi, musadandaule, zonse zili pa intaneti,” kenako anafufuta mafoda onse a zithunzi ndi pulogalamu ina yoyeretsera foni. Zithunzi zimene anajambula okha anazipeza, koma za chinkhoswe cha mwana wawo ku Dedza, zimene achibale anawatumizira pa WhatsApp, zinapita zonse. Chifukwa chake n'chakuti pa Android, Google Photos imangokweza yokha foda ya kamera, ndipo mafoda ena monga WhatsApp Images amafunika kuwayatsa nokha mu Back up device folders. Mawu akuti Backup complete amangotanthauza kuti mafoda amene munayatsa atha kukwera, osati foni yonse. Kwa ife amene achibale athu ali ku Malawi, zithunzi za maukwati, za maliro ndi za makanda obadwa kumudzi zimabwera pa WhatsApp, kotero foda imene imasiyidwa ndiyo ili ndi zinthu zomwe sitingazijambulenso. Mapulogalamu oyeretsera foni aja ndimadana nawo pa chifukwa chomwechi: amayang'ana kukula kwa fayilo, sayang'ana ngati inakwera.

Ena amadalira bakapu ya WhatsApp yomwe, koma imeneyo si malo osungira zithunzi, chifukwa simungaitsegule n'kuona zimene zilimo, ndipo mukafufuta zithunzi mufoni bakapu yotsatira imalowa m'malo mwa yakale ilibe zithunzizo. Choipanso n'chakuti kuyambira 2024 bakapu ya WhatsApp pa Android imadya nawo 15 GB ija, imene Gmail ndi Google Drive zikugawana kale.

Tiyerekeze foni ya 64 GB imene ili ndi zithunzi ndi mavidiyo a kamera okwana 18 GB, za pa WhatsApp 9 GB, ndipo bakapu ya WhatsApp yatenga kale 6 GB pa akaunti ya Google. Malo aulere otsala ndi 9 GB, pamene zofunika kukweza ndi 27 GB. Choyamba ndi kulowa mu WhatsApp pa Manage storage n'kuchotsa mavidiyo a m'magulu amene ali pansi pa Forwarded many times, kenako kuzimitsa Include videos pa bakapu kuti ichepe. Chachiwiri ndi kulowa mu Google Photos n'kusankha Storage saver m'malo mwa Original quality, pakuti Storage saver imachepetsa zithunzi zazikulu kufika pa 16 MP ndi mavidiyo kufika pa 1080p. Pa foni kusiyana kwake sikuoneka, ngakhale wojambula maukwati amene amasindikiza zithunzi zazikulu sayenera kusankha zimenezi. Kale zithunzi zochepetsedwa chonchi sizinkawerengedwa, koma kuyambira pa 1 Juni 2021 zimawerengedwa, choncho ngati zonse sizikukwanabe, chotsala ndi kulipira 100 GB ya Google One kapena kusamutsira mavidiyo aakulu pa kompyuta.

Mtengo wobisika kuno ku Harare ndi deta. Bandulo ya WhatsApp siikweza zithunzi ku Google Photos, ndipo kukweza magigabaiti ambiri ndi deta wamba kungathe ndalama zoposa za malo amene mukusungirawo. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti kukweza koyamba kuchitike pa wayifayi, foni ili pa chaja, ndipo magetsi akazima pakati mudikire mpaka ntchito yonse ithe musanachotse kanthu. Amene akulipira mwezi ndi mwezi aonetsetse kuti khadi lili ndi madola nthawi zonse, chifukwa malipiro akalephereka akauntiyo imabwerera pa 15 GB, ndipo ikapyola malire zithunzi zatsopano sizikwera, ngakhale Gmail imasiya kulandira makalata.

Musanadine Free up space, tsegulani photos.google.com pa kompyuta kapena pa foni ya munthu wina, lowani ndi akaunti yanu, ndipo fufuzani chithunzi chakale kwambiri, chithunzi cha dzulo, vidiyo yaitali ndi chithunzi chimodzi chimene munalandira pa WhatsApp. Zinayi zonsezi zikaoneka ndi kutseguka, mukhoza kuchotsa za mufoni. Ngati simukukumbukira pasiwedi ya akauntiyo, monga zimakhalira ndi ambiri amene anawatsegulira ndi wogulitsa foni, musachotse kanthu mpaka mutaisintha ndi kuikapo nambala yanu imene ikugwira ntchito.