Nsapato za kusukulu: chikopa, zonyezimira za pulasitiki, kapena za nsalu?

Makolo anzanga akhala akundifunsa kuti mwana wanga wathera bwanji chaka chonse ndi nsapato imodzi. Ndisanayankhe, ndiyambe ndi nsapato imene inandipweteka mtima.

Mwanayo ali ndi zaka 8, phazi lake linali lotalika masentimita 20. Wogulitsa anandionetsa nsapato yakuda yonyezimira, nkunditsimikizira kuti ndi chikopa, ndipo anandilangiza kuti nditenge sayizi 34 kuti mwana akuliremo. Pa sayizi za ku Ulaya, nambala iliyonse imawonjezera pafupifupi mamilimita 6.67, choncho 34 mkati mwake ndi pafupifupi masentimita 22.7. Malo otsala anali oyandikira masentimita atatu. Sabata yoyamba chidendene chinkatuluka nkubwerera pa sitepe iliyonse, matuza nkutuluka mapazi onse awiri. Mwana anayamba kukwinya zala kuti nsapato isavuke, ndipo madzulo ankadandaula kuti phazi likuwawa. Choipa kwambiri chinali chakuti nsapato inkapindika pamwamba pa zala, osati pamene phazi limapindikira, ndipo pamzere womwewo inang'aluka teremu yoyamba isanathe. Kunsi kwa chonyezimiracho kunali nsalu yoyera. Wosoka nsapato anangoibweza, nkunena kuti pulasitiki ikasupuka palibe ulusi kapena polishi amene angaibwezeretse. Mwana sanakuliremo nkomwe. Mpaka lero ndikaona nsapato yonyezimira mopitirira muyezo, sindiigwira.

Kuwonjezera apo, pulasitiki simwa thukuta. Phazi limakhala lonyowa tsiku lonse, khungu limafewa, ndipo khungu lofewa ndi limene limachita matuza msanga.

Za nsalu sindizida. Nzopepuka, zimapitisa mpweya, sizipweteka kuyambira tsiku loyamba. Koma mwana wokonda kumenya mpira amaziboola pachala chachikulu, ndipo mvula ikagwa amakhala ndi mapazi onyowa mpaka poweruka. Chaka sizifika.

Yotsatira ndinagula ya chikopa chenicheni, sayizi 32, yomwe mkati mwake ndi pafupifupi masentimita 21.3. Malo otsala kutsogolo kwa chala chachitali anali ngati mulifupi mwa chala changa chachikulu chakumanja, pakati pa sentimita imodzi ndi imodzi ndi theka. Pa msinkhu umenewu phazi limakula mwina sayizi imodzi pachaka, choncho malowo amakwana. Chaka chikutha phazi linali pa masentimita 20.8, nsapato idakali yonse, ngakhale nthawi yosintha inali itayandikira. Chikopa chimauma masiku oyamba, koma chimafewa nkutengera maonekedwe a phazi, ndipo chikakalika polishi amabisa.

Kuchizindikira sikovuta. Yang'anani m'mphepete mwa lilime la nsapato pamene anadula: chikopa chimaoneka ndi timaulusi tokhakhala, pulasitiki imaoneka ngati zigawo ziwiri zomatidwa. Nsapato zambiri zimakhalanso ndi kachizindikiro mkati. Chithunzi cha chikopa chotambasulidwa ndiye chikopa, chikopa chokhala ndi kadayamondi pakati ndi chikopa chokutidwa ndi pulasitiki, pamene kadayamondi payekha akutanthauza zinthu zina zopanga.

Komabe chikopa chabwino pa chopondera choipa nkutaya ndalama. Chopondera chongomatidwa ndi guluu chimayamba kuyasama kutsogolo madzi akalowa. Chosokedwa chimagwira, ndipo ulusi ukaduka wosoka amabwezeretsa. Chenjerani ndi ulusi wabodza wongoumbidwa pa labala. Kandani ndi chikhadabo, weniweni umamveka. Pindani nsapatoyo: ipindike kutsogolo, pamene zala zimayambira, osati pakati. Finyaninso kumbuyo kwa chidendene, pakhale polimba.

Pakati pa zingwe, lamba ndi zongolowetsa phazi, ine ndili kumbali ya zingwe kapena lamba, chifukwa ndi zimene zimagwira phazi miyezi yoyamba malo akadali ambiri. Zongolowetsa zimafuna kuthina kuti zisavuke, ndiye sizisiya malo okulira.

Poyesa, pitani ndi mwanayo madzulo mapazi atatupako, atavala sokosi za kusukulu. Aimirire, muyese mapazi onse awiri, nkutsatira lalikulu. Ngati chamkati chimachoka, chitulutseni aponde, muone malo otsala ndi maso. Musadalire kumufunsa ngati ikuthina, ana ambiri amangovomera akaikonda.

Pali pamene ngakhale chikopa chimalephera. Mwana akayandikira kutha msinkhu, phazi limatha kudumpha sayizi m'miyezi yochepa, choncho muziyesanso teremu iliyonse. Ndipo nsapato ikanyowa musaiyanike pamoto, chikopa chimauma gwa nkusweka, guluu nkumatuka. Ikanimo nyuzipepala, muisiye pamthunzi podutsa mphepo, ikauma muipake polishi.