Intaneti ya pa mlongoti kuno ku Angoniya: zida n'zabwino, koma malaina anatidyera miyezi iwiri

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Yachisanuyo ndaichotsa chifukwa cha mmene amisiri anatimangira ulendo woyamba, osati chifukwa cha zida.

Ndili ndi sitolo ya mbewu ndi feteleza makilomita 4 kuchokera ku Vila Ulongwe, ndipo pambali pake timasindikiza zikalata za ana asukulu ndi za alimi a mbatatesi. Netiweki ya foni kwathu kuno imagwira bwino ukakwera pachulu basi. Choncho mu Ogasiti chaka chatha ndinalipira anyamata ena a ku Vila amene amagawa intaneti kudzera m'timbale tiwiri toyang'anizana, kena pa mlongoti wawo, kena pa paipi ya mamita 6 pambali pa sitolo yanga. Pa bokosi la kambaleko panalembedwa 5 GHz, mtundu wa mafunde ake, ndi 23 dBi, muyeso wa mmene kamaunjikira mphamvu yake mbali imodzi. Anamanga tsiku limodzi, masana intaneti inali itayamba kale, ndipo kwa miyezi itatu sindinadandaule chilichonse.

Chimene sindinachilabadire tsiku limenelo ndi nambala imene mmisiri anaiona pa laputopu yake. Inali -66 dBm. Iye anati, "Zili bwino bambo, bola zagwira." Ine ndinavomera chifukwa sindinkadziwa kuti nambalayi imawerengedwa chobwerera: -55 ndi yamphamvu kuposa -66, ndipo ikatsika ndi 3 ndiye kuti mphamvu yofika pa kambale yachepa ndi theka. Pa mtunda wathuwu, ndi timbale ta msinkhu umenewu, tinkayenera kuona nambala yoyandikira -55. Ndiye kuti chiyambire tsiku loyamba tinkalandira mphamvu yosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a imene inkayenera kufika, kungoti inali yokwanirabe kuti masamba a intaneti azitseguka.

Mvula itakhazikika mu Disembala, mavuto anayamba. Ndikaimba foni ankandiyankha kuti ndi mvula, ndidikire isiye. Poyamba ndinakhulupirira, chifukwa dishi ya wailesi yakanema ya kunyumba nayonso imadula kukagwa chimvula. Koma nditayamba kulemba m'kope la ngongole nthawi imene chilichonse chadula, ndinaona kuti ziwirizi sizidwala matenda amodzi.

Dishi ya kanema imadula mvula ikakhala yamkuntho, ndipo nthawi zina imadula pakhomo pasanagwe ndi dontho lomwe, mtambo wakuda ukangoima mbali imene dishiyo yaloza. Mtambowo ukadutsa, chithunzi chimabwerera pompo. Chifukwa chake n'chakuti mafunde a setilaiti ya kanema ali cha m'ma 11 ndi 12 GHz, ndipo mafunde opitirira 10 GHz madontho a mvula amawamwa ndi kuwamwaza kwambiri. A 5 GHz mvula siwavutitsa motero. Pa makilomita 4, ngakhale itagwa yochita kukokolola mizere, nambala imangotsika ndi imodzi kapena ziwiri. Koma yanga inkatsika kufika -80, n'kukhala pomwepo maola awiri kapena atatu mvula itasiya kalekale, kanema akuonetsa bwinobwino. M'mawa wa mame ambiri inkachitanso chimodzimodzi mpaka dzuwa litakwera. Kukawomba mphepo nambala inkavina, pano -72, pano -79, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe.

Amene anandimasulira zimenezi ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene amagwira ntchito za netiweki mumzinda wa Tete. Anabwera pa tchuthi cha Khirisimasi, nawerenga kope lija, kenako anakwera pa denga n'kusuzumira kumbuyo kwa kambale ngati munthu wolozetsa mfuti. Atatsika anati, "Malume, mvula mukuinamizira. Taonani malaina aja."

Mamita pafupifupi 300 kuchokera pa sitolo pali mzere wa malaina m'malire a munda wa aneba athu. Malaina amayoyola masamba m'chilimwe. Mu Ogasiti, pamene ankamanga, mitengoyo inali mbulanda, ndipo mlongoti wa ku Vila unkaoneka bwinobwino kupyola m'nthambi zake. Pofika Disembala nsonga zija zinali zitatseka ndi masamba akuluakulu aja, ndipo masambawo akanyowa amamwa mafunde kuposa akakhala ouma. N'chifukwa chake vuto linkatha masamba akauma, osati mvula ikasiya. Mphepo ikamagwedeza nthambi, mpata unkatseguka ndi kutsekeka, nambala n'kumavina.

Apa pali chinthu chimene ndikufuna aliyense wogula zida zoterezi achimve, chifukwa ngakhale mmisiri wathu sanachiganizire. Kuona mlongoti wa tsidya linalo ndi maso sikokwanira. Mafunde sayenda ngati ulusi woongoka. Amafuna mpata wozungulira mzere umene ukulumikiza timbale tiwirito, mpata wooneka ngati chitsononkho, wonenepa pakati ndi wosongoka kumapeto. Amisiri amautchula dzina la Fresnel. Mphwanga anandilembera kawerengedwe kake kumbuyo kwa lisiti, d1 ndi d2 kukhala makilomita kuchokera pa chotchinga kupita mbali iliyonse, D mtunda wonse, f kukhala GHz, ndipo yankho r, mtunda wochokera pa mzerewo kufika m'mphepete mwa mpatawo, limatuluka m'mamita:

```
r = 17.32 × √( d1 × d2 / (f × D) )
```

Pa malaina aja d1 ndi 0.3, d2 ndi 3.7, D ndi 4, f ndi 5.8. Yankho ndi mamita 3.8. Lamulo limene amisiri amatsata n'lakuti magawo 60 pa 100 alionse a mpatawu azikhala opanda chotchinga, kutanthauza kuti mzere wathu uzidutsa mamita oposa 2.3 pamwamba pa nsonga za mitengo. Ife mzere wathu unkadutsa pafupifupi mita imodzi pansi pa nsongazo.

Nditawaimbira anyamata a ku Vila ndi nkhani imeneyi, ndiyamikire kuti sanakane. Anabwera sabata yachiwiri ya Januwale. Maganizo awo oyamba anali okweza kambale ka pa mlongoti wawo, poti kumeneko kukwera n'kosavuta. Mphwanga, amene tinali naye pa foni, anawauza kuti ataya nthawi. Mitengo ili pafupi ndi ine, kutali ndi iwo. Akakweza mbali yawo ndi mita imodzi, pa malaina mzere ukwera ndi masentimita 7 kapena 8 okha. Ndikakweza mbali yanga ndi mita imodzi, pa malaina ukwera ndi masentimita oposa 90. Zodula mitengo sindinafune n'kuziyamba komwe. Ndi ya eni ake, ndipo agogo a pamenepo amadalira nthambi zake pa nkhuni ndi milimo.

Tinawonjezera paipi ya mamita 4, yonse n'kukhala mamita 10, ndipo tinaikoka ndi mawaya atatu omangirira pa zikhomo zachitsulo. Popanda mawayawo paipi yaitali chonchi imapendama ndi mphepo ya kuno kumtunda, kambale n'kumaloza kwina. Anakhomanso chitsulo m'nthaka n'kuchilumikiza ndi paipi chifukwa cha ziphaliwali. Zonsezi ndinalipira ndekha, ndipo ndi pamene pachoka nyenyezi ija, chifukwa akanayang'ana mitengo mu Ogasiti tikanamanga kamodzi.

Titakweza, nambala inafika -63. Mmisiri ankafuna kumanga mabawuti, koma ndinamupempha kuti tilozetsenso bwino mbali zonse ziwiri, ndipo ntchito imeneyi ndinaiona ndi maso anga. Kambale koteroka kamaponya mphamvu yake yambiri m'kampata ka madigiri 10 okha, ndipo m'mbali mwa kampatako muli timipata tina tofooka. Munthu akamatembenuza kambale n'kuona nambala yakwera pang'ono, amayesa wafika, chikhalirecho wagwira kampata ka m'mbali. Choncho ankatembenuza pang'onopang'ono kuchokera kumanzere kupita kumanja, kupitirira dala pamene nambala yakwera mpaka itatsikanso, kuti aone ngati kutsogolo kulibe pena pokwera kuposa apo. Akasuntha pang'ono ankachotsa dzanja n'kudikira masekondi angapo, ine pansi ndikuwerenga mokweza za pa laputopu. Atapeza pabwino m'mbali, anachitanso chimodzimodzi chokweza ndi chotsitsa. Nthawi yonseyi mnzake wa ku Vila sanakhudze kambale kake, chifukwa onse awiri akamasuntha nthawi imodzi palibe angadziwe chimene chasintha nambala. Mbali yanga inangotipatsa imodzi. Itafika nthawi ya mnzakeyo, nambala inalumpha kuchoka pa -62 kufika -57. Kambale ka ku Vila kanali kataloza pambali chiyambire Ogasiti. Pa makilomita 4, kuphonya ndi madigiri 5 okha ndiye kuti waloza mamita 350 kutali ndi sitolo yanga. Pomanga mabawuti ndinapitiriza kuwerenga, poti sipanala nayo imakoka kambale, ndipo kamodzi inatibera ziwiri mpaka anamasulanso.

Vuto lina laling'ono linabwera mu Febuluwale. Intaneti inayamba kukwawa, koma nambala ili phee pa -57. Pa tsamba la kambale, pamene pamalembedwa 100 Mbps panalembedwa 10 Mbps. Madzi anali atatsetsereka ndi kebulo n'kulowa m'kapulagi ka pansi, timano take titachita dzimbiri lobiriwira. Anadula, naika kapulagi kena, n'kupinda kebulo kuti izilendewera pang'ono isanalowe m'khoma, madzi azidonthera panja. Nambala ya dBm ikakhala yabwino koma liwiro lafa, yambani mwayang'ana kebulo musanakwere pa denga.

Panopa ndikakayika ndimatsegula kompyuta ya Windows n'kulemba lamulo ili, nambalayo kukhala adiresi ya kambale ka ku Vila:

```
ping -t 192.168.1.20
```

Mayankho akamabwera mosadukiza ndi nambala zazing'ono monga time=3ms, ndimadziwa kuti pakati pa ine ndi Vila palibe vuto, chavuta chili kutsogolo kwa iwowo. Akamatuluka Request timed out pafupipafupi, ndimayang'ana mitengo ndi mawaya a paipi.

Mnzanga wina wa ku Domwe anagula intaneti ya setilaiti zoyenda pafupi ndi dziko, ya kambale kafulati kaja, ndipo anakaika pansi pa mtengo wa mango kuti kasapse ndi dzuwa. Kankadula masekondi ochepa mphindi zingapo zilizonse, chifukwa setilaiti zimenezo zimayenda, ndipo iliyonse ikadutsa kuseri kwa nthambi kulumikizana kumaduka. Kamafuna thambo lotseguka mbali yaikulu, osati kampata kamodzi ngati kanga. Atakakweza pa denga kanasiya kudula, kupatula pa chimvula chenicheni.

Kuyambira pamene tinalozetsa timbale mu Januwale mpaka mvula yomaliza ya Epulo, nambala yanga sinatsikepo kupitirira -60, ngakhale tsiku limene madzi anasefukira mumsewu wa kutsogolo kwa sitolo. Malaina akukulabe, ndipo mpata umene tinasiya pamwamba pa nsonga zake ndi mamita osakwana atatu. Ndagwirizana ndi agogo aja kuti mu Okutobala ndidzatuma anyamata akasadze nsonga za mitengo inayi imene ili pa mzere, nthambi zake zidzakhale zawo.